Kodi "alipira" ndiye kuti ndalama yalowa kale kapena ikubwera?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mlembi wa banki mkhonde ya m'dera lathu. Timakumana Lachitatu lililonse, ndipo ntchito yanga ndi kulemba m'buku zimene anthu anena, kenako kuziwerenga pamsonkhano wotsatira. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma ndimakumbukira ndithu phunziro la Chichewa la kusintha zoyankhula mwini kukhala zoyankhula wina. Ndinkaliona ngati la mayeso chabe, mpaka mwezi wathawu pomwe mawu amodzi anatsala pang'ono kugawa gulu lathu.

Mayi wina wachikulire, yemwe ali ndi ngongole ya K20,000, anaimirira n'kunena kuti, "Ine ndilipira mawa, ndalama ndipatsa msungichuma kunyumba kwake." Ine m'buku ndinalemba kuti, "Mayiwa anati alipira, ndalama apatsa msungichuma kunyumba kwake." Mawu oti mawa ndinawasiya dala, podziwa kuti pofika tsiku lowerenga mawalo lidzakhala litadutsa kale. Ndiye Lachitatu linalo ine ndinadwala, buku anawerenga wachiwiri wanga. Gulu lonse linamva kuti ndalamazo zinaperekedwa kale. Msungichuma anangoti kukamwa yasa, chifukwa sanalandire ngakhale tambala, ndipo ena anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa.

Nditakhala pansi ndinaona pomwe panali msampha. Pakamwa pa mwini wake, "ndalipira" ndi "ndilipira" n'zosiyana poyera: china chachitika, china chichitika. Akanakhala mwana, ndikanalemba "walipira" ndi "alipira", kusiyana kukanaonekabe. Koma munthu wamkulu timamupatsa ulemu, ndiye zonse ziwiri zimasanduka "alipira". Poyankhula timazisiyanitsa ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, koma cholembera sichisonyeza zimenezo. Wowerenga amangosankha yekha.

Tsopano ndayamba kulemba chonchi: ngati munthu wati "ndalipira", ndimalemba "anati anali atalipira kale", ndipo akati "ndilipira" ndimalemba "anati adzalipira". Funso langa loyamba lili pomwepa. Kodi "adzalipira" sakutalikitsa lonjezo? Kwa ine "ndilipira" ndi za lero kapena mawa lomweli, pomwe "ndidzalipira" munthu angathe kuzemba nayo mpaka nthawi yokolola. Ndikuopa kuti pofuna kulongosola ndikumuikira munthu mawu omwe sananene.

Za kusintha mwini nkhani sizindivuta kwenikweni. Ine amasanduka iye kapena iwo, "ndi-" ndi "ti-" amakhala "a-", "zanga" n'kukhala "zake" kapena "zawo". Lamulo ngati "bwezani ndalama" ndimalemba "anawauza kuti abweze ndalama", funso ngati "kodi mwabweretsa?" ndimati "anafunsa ngati anali atabweretsa". Komabe taonani chiganizo chija. Mayi aja akanati "kunyumba kwanga", ine ndikanalemba "kunyumba kwawo", ndipo wowerenga sakanadziwa ngati ndi kwa mayiwo, kwa msungichuma kapena kwa gulu lonse la anthu otchulidwa. Kodi n'kulakwa kubwereza dzina kapena udindo wa munthu, kuti "kunyumba kwa msungichumayo", ngakhale chiganizo chilemere?

Kumene ndasokonezeka zedi ndi ku mawu a nthawi. Aphunzitsi anatiloweza kuti lero amakhala "tsiku limenelo", mawa "tsiku lotsatira", dzulo "dzulo lake", pano "pamenepo", kuno "kumeneko". Zili bwino. Koma wina akati "ndibweretsa mkuja" kapena "ndinapereka dzana", ndilembe chiyani? Ndayesa "patatha masiku awiri", koma wowerenga amafunsa kuti kuchokera liti. Mnzanga wina akuti ndizingowerengera ndekha: msonkhano unali Lachitatu, ndiye mawa ndi Lachinayi, mkuja ndi Lachisanu, dzana ndi Lolemba, n'kulemba tsikulo ndi deti yake. Nzeru imeneyi ndaikonda, koma nanga munthu atadzakana kuti iye sanatchule Lachisanu?

Palinso ichi. Ndikafika kunyumba madzulo a tsiku la msonkhano, bambo akunyumba akandifunsa, ndimangoti "akuti alipira mawa", osasintha kanthu, chifukwa mawa lake ndi langa ndi limodzi. Ngakhale wina akati "ndikudwala" timangoti "anati akudwala". Kulemba "anati amadwala" kumamveka ngati ndi munthu wodwaladwala, kapenanso ngati anachira kale. Ndiye kodi kubweza nthawi m'mbuyo n'kofunika nthawi zonse, kapena pokhapokha zonenedwazo zikakhala kuti zinatha?

Apampando akuti pa nkhani za ndalama ndizingolemba mawu a mwini wake ndendende m'mitengero, kusinthako ndikusiye. Koma anthu 25 akamayankhula mopikisana, dzanja langa silingathe. Ndithandizeni msanga, chifukwa mwezi wamawa tikugawana masheya ndipo buku lonse lidzawerengedwa pagulu.

Ine mlembi wothedwa nzeru,
Zomba