Kalata yotseguka kwa bwana injiniya woyang'anira zomanga m'dera lathu: mapolo asachotsedwenso inu musanasaine

Bwana,

Takulandirani kangapo pamalo athu ano ndipo ulemu wanu tikuudziwa, choncho malonje ndifupikitsa. Ndine mmisiri wa matabwa wa kuno ku Kasungu. Ndakhoma mashatala, matabwa othiramo konkire, kwa zaka zoposa 20, ndipo ndi chifukwa chake anzanga ogulitsa pamsika anandiika mu komiti yoona nyumba yosanja ya mashopu yomwe ikumangidwa pamalo athu. Ndakulemberani makalata awiri, ndabwera ku ofesi katatu. Ulendo womaliza ndinakhala pabenchi mpaka masana, kenako anandiuza kuti mwapita kumsonkhano. Tsopano ndikulemba poyera.

Mwana wa mlongo wanga ali gone kunyumba, mwendo uli mu pulasitala, ndipo anapweteka chifukwa cha mapolo a bulugamu ochirikiza silabu, omwe munthu wina anawafuna msanga.

Silabu ya chipinda cham'mwamba inathiridwa Lachitatu, mu Julaye, nthawi yomwe m'mawa kuno munthu umagwira shovelo manja ali gwa ndi chisanu. Lolemba lotsatira, patangopita masiku 5, inabwera lole. Kontirakitala anali ndi ntchito ina kwina ndipo sanafune kugula mapolo ena. Folomani anauza anyamata aganyu kuti agwetse onse. Mwana wa mlongo wangayo anali mmodzi wa iwo. Palibe anawauza poyambira, ndiye anayambira pomwe panali pafupi ndi khomo: pansi pa khonde lotulukira kunja, lija lopanda pilala kumapeto kwake. Anayamba ndi mzere wa kukhoma, n'kumapita kunja. Polo lomaliza la pangodya litasenza katundu wa anzake onse, linakana kutuluka. Analimenya ndi hamala yaikulu. Litangochoka, khonde linalira ngati nthambi ya mango ikuthyoka, ngodya yake inapendama, ndipo shatala yonse ndi matabwa ake inamugwera. Tinamutulutsa ndi manja, n'kumunyamulira pa kabaza mpaka kumsewu. Mnyamata yemwe amadyetsa amayi ake ndi ganyu wa tsiku ndi tsiku sanagwire ntchito kuyambira tsikulo.

Folomani akuti inali ngozi. Bwana, inu munapita kusukulu ya zimenezi, ine ndinaphunzira ndi hamala, koma tonse tikudziwa kuti sinali ngozi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Konkire wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Silabu yathu ndi yochindikala masentimita 15, ndiye kuti kachigawo kalikonse ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi kakulemera makilogalamu 360. Shopu imodzi ndi mamita 5 kwa mamita 6. Pamwamba pa shopu imodzi yokha pali makilogalamu 10,800, kulemera kwa matumba a simenti 216. Tsiku lothira, konkireyo ndi phala chabe, sangadzinyamule ngakhale pang'ono. Zonsezo zimakhala pa mapolo, kuphatikizapo matabwa, anthu ndi mawilibala. Ngati mapolo atalikirana mita imodzi, lililonse likusenza ngati matumba khumi a simenti. Kuchotsa polo ndi kuuza silabu kuti katundu yense uja tsopano ndi wake. Munthu asanagwire hamala ayenera kudziwa ngati silabuyo yafika poti n'kumulandira.

Anthu ambiri amapusitsika ndi maso. Konkire akagona usiku umodzi amaoneka wouma, ukhoza kuyendapo, ukamenya ndi msomali sulowa. Koma konkire salimba chifukwa chouma ngati njerwa ya dothi. Amalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi mkati, pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yomwe injiniya amawerengera pa pulani ndi ya tsiku la 28. Pa tsiku la 7 amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo, zinthu zikayenda bwino. Kukazizira amachedwa. Simenti ya 32.5, yomwe ndi imene inagwira ntchito pano, imachedwa kusiyana ndi ya 42.5. Akapanda kuthiriridwa, pamwamba pamauma simenti isanamalize ntchito yake. Ife zonse zitatu zinatikumana: Julaye, 32.5, ndi kuthirira kwa masiku awiri okha chifukwa amayi otunga madzi sanalipidwe. Pa tsiku la 5 silabu ija inali khanda.

Ine mmene anandiphunzitsira amisiri akale, matabwa a m'mbali mwa mabimu ndi mapilala ukhoza kuchotsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa sanyamula kanthu, amangogwira maonekedwe. Mapolo ndi nkhani ina. Silabu yaing'ono yosapitirira mamita 4 ndi theka, sabata imodzi ndiye pochepetsetsa, nyengo ili yofunda ndiponso simenti ili yofulumira. Yoposa pamenepo, ngati yathuyi ya mamita 5, masabata awiri. Mabimu aatali opitirira mamita 6, masabata atatu. Kukazizira kapena simenti ikakhala yochedwa, umawonjezera masiku. Khonde lopanda pilala ine sindilikhudza asanakwane masiku 28, ndipo sindinapepesepo kwa mwini nyumba aliyense chifukwa cha zimenezo.

Khondelo ndilo likundisowetsa tulo. Silabu ya mkati mwa chipinda yagona pa makoma kapena mabimu mbali zonse, imafuna kupindikira pansi pakatikati, ndiye zitsulo zake zazikulu zimakhala m'munsi. Khonde lagwira mbali imodzi yokha, ngati munthu wotambasula mkono atanyamula ndowa. Limakokeka pamwamba, pomwe lalumikizana ndi nyumba, ndiye zitsulo zake ziyenera kukhala kumtunda. Tsiku lothira ndinaona ndi maso anga mawilibala akuyenda pa zitsulozo popanda thabwa, tizitsulo tozikweza tili tochepa, zonse zitapondedwa mpaka pansi. Ndinanena. Anandiyankha kuti adala, za komiti ndi kuwerenga matumba a simenti. Lero pitani mukaone: mng'alu uli pamwamba pa khonde, wayenda motsatira khoma kuchokera kungodya, ndipo ndalama yachitsulo ikulowamo. Mng'alu wa pamalo amenewo si wa pulasitala. Khondelo ndi lotuluka mita imodzi ndi masentimita 20, kutalika mamita 8, kulemera kwake kuposa matani atatu, ndipo pansi pake ndi pomwe amayi ogulitsa tomato adzakhale kuthawa dzuwa.

Ngakhale masiku atakwana, kuchotsa mapolo kuli ndi ndondomeko yake. M'chipinda umayambira pakati, n'kumapita kumakoma, kuti silabu itsike pang'onopang'ono mmene inapangidwira kunyamula. Pa khonde umayambira kunsonga, n'kumabwera kukhoma. Anyamata aja anachita mosemphanitsa, osati chifukwa cha umbuli wawo, koma chifukwa palibe anaima nawo. Komanso polo silimenyedwa ndi hamala yaikulu. Pansi pake pamayenera kukhala timatabwa tiwiri tosongoka tokhomerana, kuti ukatimasula polo litsike lokha mofatsa. Pano panalibe.

Zina ndingozitchula mwachangu, poti ndinazilemba kale m'makalata aja. Mapolo ena anaima pa dothi lothira kumene popanda thabwa pansi, ena pa njerwa zosanjikiza. Ena anali owonda ngati mtengo wa khasu, ena olumikiza awiri ndi misomali pakatikati. Panalibe matabwa opingasa omanga mapolo pamodzi kuti asapendeke. Ndipo sabata yomweyo mapolo atachoka, anakweza njerwa n'kuziunjika pakati pa silabu ya shopu yachiwiri. Ndinakoka chingwe pansi pake kuchokera kukhoma kufika kukhoma: pakati yatsika masentimita atatu. Silabu yomwe yasiyidwa yokha ikadali yanthete imapitiriza kutsika kwa miyezi, ndipo sibwereranso.

Bwana, mukukumbukira tsiku lopereka malo kwa kontirakitala? Munaima pansi pa mtengo wa mthethe uja, mafumu ali pomwepo, ndipo munanena kuti palibe konkire adzathiridwe inu kapena wachiwiri wanu musanaone zitsulo ndi mashatala. Munanenanso kuti padzatengedwa makyubu. Tinaomba m'manja. Ine ndinauza anzanga kuti ulendo uno zinthu ziyenda mwa dongosolo, poti makyubu ndimawadziwa: timabokosi ta masentimita 15 mbali zonse, todzaza ndi konkire yemweyo wa tsiku lothira, tina timaphwanyidwa pamakina pa tsiku la 7, tina pa tsiku la 28. Amene akufuna kudziwa za mapolo amasunga tina pambali pa silabu pomwepo, kuti timve chisanu chomwecho ndi madzi omwewo, ndipo nambala yake ndi imene imanena ngati nthawi yakwana. Pa ntchito yathu sipanatengedwe kyubu ngakhale imodzi. Lilongwe, komwe kuli makina ophwanyira, ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa M1. Ndalama ya minibasi ikanakhala vuto, komiti ikanasonkha.

Sindikunena kuti munaononga khonde ndinu. Ndikudziwa kuti ntchito muli nazo zambiri, galimoto imodzi, mafuta osowa. Koma kontirakitala amamvera munthu mmodzi yekha, amene amasaina pepala lake la malipiro, ndipo munthuyo si ine.

Tamva kuti silabu ya mbali yachiwiri ithiridwa mwezi uno, ndipo mapolo omwe aja abwerera pa lole. Tisanafike pamenepo, tikupempha izi. Bwerani nokha mudzaone khonde ndi shopu yachiwiri, mudzatiuze polemba ngati khondelo likonzedwe ndi mapilala kapena ligumulidwe. Pakadali pano lamulani kuti pansi pa zonse ziwiri abwezeretse mapolo, njerwa zitsike, ndipo pamangidwe mpanda kuti ana asamasewerepo. Pa silabu yatsopano, pasathiridwe kanthu musanaone mapolo ndi zitsulo, makyubu atengedwe komiti ikuona, tsiku lothira lilembedwe ndi penti pakhoma, ndipo polo ngakhale limodzi lisachoke popanda pepala lomwe mwasaina. Ndipo kontirakitala auzidwe kulipira chithandizo cha mnyamatayu ndi masiku omwe wataya, chifukwa mpaka lero anangotumiza folomani ndi paketi ya shuga.

Lachisanu likubwerali komiti ikhala pamalopo kuyambira 8 koloko m'mawa. Chingwe ndi tepi ndibweretsa ndine.

Ine wanu,
Mmisiri wa matabwa, membala wa komiti ya ogulitsa pamsika
Kasungu