Ndimuwongolere bwanji kochi wa ana athu popanda kumuchititsa manyazi?

Zikomo Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala ku Ulongue m'boma la Angónia. Ndisanapume pa ntchito ndinkaphunzitsa masewera kusukulu ya pulayimale. Kwathu kuno kuli mnyamata wa zaka 22 amene amasonkhanitsa ana Lachitatu ndi Loweruka masana n'kumawaphunzitsa mpira wa miyendo. Salandira ngakhale metikali imodzi, ndiponso sanapiteko kumaphunziro a ukochi. Makolo ndi amene anandipempha kuti ndizimuwongolera.

Ana alipo 32 koma mipira ndi iwiri yokha. Iye amawandandalika m'mizere iwiri, aliyense n'kumadikira nthawi yake yomenya kugolo. Tsiku lina ndinatsatira mwana mmodzi ndi maso kwa mphindi 30, ndipo anakhudza mpira kanayi basi. Ana akatopa n'kudikira amayamba kugwetsana, iye n'kuwakalipira ndi kuwathamangitsa kuzungulira bwalo. Mtima wabwino ali nawo ndithu, kungoti akuchita zomwe ankamuchita iyeyo ali mwana.

Ndinakonza zoti tiyende limodzi miyezi itatu. Mwezi woyamba ndizingoonerera, tikaweruka tizikhala pansi n'kukambirana chinthu chimodzi chokha. Wachiwiri tizigawana ntchito. Bwalo tiligawe panayi, chigawo chilichonse mapazi 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, miyala ikhale magolo, ana azisewera anayianayi, aang'ono paokha ndi okulirapo paokha. Mipira iwiri yoperewerayo tikulunge yachikulunga. Mwezi wachitatu azitsogolera yekha, ine ndizibwera Loweruka lokha.

Koma ndinalakwitsa sabata yachiwiri yomwe. Anaika mwana wa zaka 9 kuti alimbane ndi mnyamata wa zaka 15, wamng'onoyo n'kugwa mpaka kutupa bondo. Ndinalowa m'bwalo, ndinamulanda wenzulo n'kumudzudzula ana onse akumva. Loweruka lotsatira sanabwere. Tsopano wabwerera, koma chilichonse chimene ndinganene amangoti "chabwino bambo" maso ali pansi, ndipo sasintha kanthu. Zimandiwawa chifukwa akasiya, palibenso wina amene angawasonkhanitse anawa.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndipite kwawo ndekha kukapepesa, kapena ndidzere kwa amalume ake popeza ine ndine wamkulu kwa iye? Nanga ndikaona kuti mwana avulala, ndiimitse bwanji masewera popanda kumuchotsera ulemu pamaso pa ana? Ndaganiza zoti tigwirizane chizindikiro, monga kuvula chipewa, kuti iye mwini aziimba wenzulo n'kubwera pambali tinong'onezane. Mukuona kuti zingathandize?

Chinanso, ndiyambirenso mwezi woyamba uja kapena ndipitirize? Mvula ikayamba mu Novembala ana ambiri adzakhala kumunda, ndiye nthawi yatsala yochepa.

Bambo wodandaula,
Ulongue, Angónia