Inu a ofesi yolembetsa ophunzira, imelo yanga ya kosi ya Chiarabu simunayankhe ndipo K68,800 yanga yapita

Ndalemba pano pa peji yanu chifukwa ku imelo simuyankha, foni yanu imangoitana mpaka kudukira yokha, ndipo pa windo panu ndinachokapo ndikupukuta misozi ndi nsonga ya hijabu. Dzina la abambo amene anandilandira sinditchula, koma inu mukuwadziwa antchito anu.

Nkhani ili motere. Munaika posita pompano yoti mwatsegula kosi ya Chiarabu ya satifiketi, yophunzira Loweruka ndi Lamulungu. Ine ndimakhala ku Nkhotakota, m'mawa ndimagulitsa mpunga, masana ndimathandiza aphunzitsi athu kuwerengetsa ana ku madirasa. Nditaiona positayo mtima unagunda, ndi chinthu chomwe ndakhala ndikuchifuna chilembereni mayeso a fomu 4. Koma sindinangodzuka nkukwera basi ayi, ndinachita zomwe posita yanuyo inanena, zoti amene ali ndi mafunso alembe imelo. Ndinalemba masabata atatu kaya anayi apitawa, m'Chingerezi, mwaulemu wonse, mpaka ndinapita kwa aphunzitsi anga akale a sekondale kuti andikonzere galamala ndisakuchititseni manyazi kuwerenga. Mutu wa imelo unali womveka, kufunsa za kosi ya Chiarabu. Ndinayamba ndi moni, ndinanena dzina langa lonse, kuti MSCE ndili nayo ya makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndinamata satifiketi yomwe ndinakasikanitsa pa kafe, pansi nambala ya foni, nkuthokoza. Palibe chomwe ndinasiya choti munene kuti mtsikanayu sadziwa kulemba kalata.

Ndipo mafunso anga sanali achibwana. Loyamba ndinafunsa kuti Chiarabu chomwe muphunzitse ndi chiti, chifukwa sichili chimodzi. Pali fusiha, cha m'mabuku ndi m'manyuzi ndi pa wailesi, chomwe munthu wa ku Morocco ndi wa ku Iraq onse amalemba, ndiye pali cha pakhomo chomwe dziko lililonse lili ndi chake. Ine ndikati ndikufuna, mu fusiha ndinena kuti uridu, koma mtsikana wa ku Cairo anena kuti ayiza, mawu ena ena ndithu. Munthu ukalipira fizi uyenera kudziwa kuti ukagula chiti. Kenako ndinafunsa ngati kalasi imayambira pa alifu baa taa, kapena pali kamayeso kosiyanitsa oyamba kumene ndi ife amene zilembo tinazidziwa kale. Apa ndi pomwe panali mtima wanga. Ndinafunsanso fizi yonse ndi tsiku loyamba. Basi. Munthu wodziwa kosi yake akanayankha mizere isanu ali chiimirire.

Anzanga amene mukuwerenga, makamaka inu amene simunapiteko ku madirasa, ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake funso lachiwirilo linali lalikulu, chifukwa abambo aja sanafune kumva. Ine ndinayamba madirasa ndili ndi zaka 7. Zilembo zonse 28 ndimazidziwa, kulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndimadziwa mmene chilembo chimasinthira maonekedwe chikakhala koyambirira, pakati kapena kumapeto kwa mawu. Mukandipatsa Kurani ndiwerenga bwinobwino osakakamira, chifukwa m'menemo muli timizere tonse tokuuza katchulidwe, fataha pamwamba ndi a, kasira pansi ndi i, dhamma ndi u. Koma mukandipatsa nyuzi ya Chiarabu ndimangoiyang'ana, timizere tija mulibe, amalemba zilembo zokha, iwe uzidziwa wekha mawu ake. Onani ichi: كتب. Zilembo zitatu zokha, kafu, taa, baa. Chikhoza kukhala kataba, kutanthauza analemba. Chikhoza kukhala kutiba, kunalembedwa. Chikhozanso kukhala kutubu, mabuku. Kuti udziwe ndi chiti uyenera kumva chiganizo chonse, ndipo zimenezo zimafuna nahau, malamulo a chiganizo, ndi sarafu, mmene mawu amasinthira kuchokera pa muzu wake. Zimenezo ndi zomwe ine ndilibe. Pakamwa pamawerenga koma mutu sumva. Mwana wa ku madirasa akandifunsa kuti anti mawu awa akutanthauza chani ndimamuuza kuti tikafunse ashehe, ndipo zimandipweteka. Ndiye kundiika kalasi ya alifu baa taa miyezi itatu kukanakhala kutaya ndalama, kundiika ya apamwamba ndikanamira. Ndi chifukwa chake ndinafunsa kaye.

Yankho lomwe linabwera ndi lija la makina loti talandira uthenga wanu tikuyankhani posachedwa. Ndinadikira sabata, zii. Ndinalembanso kachiwiri pansi pa imelo yomweyo, mwaulemu womwewo, kuti mwina inakudutsani. Zii. Tsiku lotseka lomwe munalemba pa posita likuyandikira, ndinayamba kuimba foni, tsiku lina amayi ena anayankha nkunena kuti lipirani kaye ya fomu ku banki mubwere ndi silipi, mafunso onse akakuyankhani konkuno. Ndinawafunsa kuti mayi, ndikuchokera ku Nkhotakota, kosiyi ilipodi? Anati bwerani. Mawu amenewo ndi amene anandikweza basi.

Ndinalipira K15,000 ya fomu. Kusikana ndi kupirinta mapepala pa kafe K2,800. Lachitatu lake kaya linali Lachinayi ndinanyamuka nditangoswali ya m'bandakucha, minibasi K22,000, pa Salima tinaima nthawi yaitali kudikira kuti idzadze, kufika mu Lilongwe dzuwa litakwera kale. Kabaza kuchoka pa depoti K3,500. Ndafika pa windo chakumasana, andiuza kuti adzuka kaye apita ku lanchi, ndinakhala pa benchi envulopu yanga pamiyendo osadya kanthu kuopa kuti ndikachoka malo anga apita.

Atabwera ndinaimirira, ndinapereka moni ndi manja awiri, ndinati bambo ndabwera za kosi ya Chiarabu, ndinalemba imelo kawiri. Maso ali pa foni yawo anati imelo zimabwera zambiri, ukuganiza tingawerenge zonse? Ukuganiza. Iwe. Ine munthu wamkulu, ndabwera ndi silipi ya ndalama zomwe zalowa mu akaunti yanu, kunditchula iwe ngati mwana wawo wakukhitchini. Ndinameza, ndinatsegula imelo ija pa foni yanga yosweka galasi nkuiyandikiza pa windo kuti angowerenga mafunsowo. Sanaigwire. Anadzutsa mutu, kuyang'ana hijabu yanga, nkunena mokweza kuti Chiarabu si mumaphunzira kumzikiti kwanu konko, kuno ukufuna chani? Anyamata awiri amene anali kumbuyo kwanga anaseka. Bambo, posita munaika ndinu, si mzikiti. Fomu munagulitsa ndinu. Ngati kwa inu Chiarabu ndi cha kumzikiti kokha munachiikiranji pa mndandanda wa makosi anu? Ndi chiyankhulo cha mayiko oposa 20, chimodzi mwa ziyankhulo 6 za bungwe la United Nations, anthu amagwira nacho ntchito yomasulira, amawerengera makontirakiti abale athu amene akupita ku Kuwait ndi ku Oman asanasaine zomwe sakuzimva. Ndipo ngakhale ndikanachifunira Kurani yokha, chimenecho ndi chifukwa chondisekera pagulu?

Choona chenicheni sindinachimve kwa iwo. Ndikutuluka, mtsikana wina wophunzira pompo amene anaona zonse ananditsatira pa masitepe nkundiuza kuti achemwali musavutike, kosiyo sinayambe, mphunzitsi sanapezeke, ena analipiranso akungodikira. Ndinabwerera pa windo kufunsa ngati zili zoona, abambo aja anati tidzalengeza. Ndinati ndiye ndibwezereni ya fomu, anati ya fomu sibwezedwa, pa fomupo palembedwa, wotsatira. Sibwezedwa ngati munthu walephera kusankhidwa, zimenezo ndikuzimva. Koma fomu ya kosi yomwe kulibe? Mwandigulitsa thumba lopanda mpunga nkumandiuza kuti zogula sizibwezedwa, ine pamsika nditachita zimenezo andimanga tsiku lomwelo.

Kabaza wobwerera K3,500, minibasi K22,000, kufika kunyumba usiku mayi anga atakhala pakhonde kudikira kuti ndiwauze tsiku loyamba sukulu. Zonse pamodzi K68,800, osawerengera mpunga womwe sindinagulitse tsiku limenelo. Anzanga, inu mukudziwa kuti K68,800 imatuluka bwanji pogulitsa mpunga wa pa kilo. Ndipo zonsezi zikanapeweka ndi mzere umodzi wa imelo woti pepani, kosiyi taiimika kaye. Mzere umodzi. Pa muzu uja wa kataba ndi pomwe pamachokera mawu oti maktabu, kutanthauza ofesi, malo olemberapo, ndiye ine ndikufunsa ofesi yanuyi, kulemba mzere umodzi kunakukanikani pati?

Pano ndikufuna mundiyankhe imelo yanga, pa imelo pomwepo, molemba, osati kundiuza kuti bwerani ku inibokisi kenako nkukhala chete monga mumachitira ena mmakomenti umu. Munene ngati kosiyi ilipo, iyamba liti, ndi fusiha kapena ayi, ndipo ife odziwa kale zilembo mutiika pati. Ngati kulibe, K15,000 yanga ibwerere, ndipo ya thiransipoti K51,000 muione chifukwa ndi foni ya ofesi yanu yomwe inati bwerani. Abambo ajanso wina awakhazike pansi, mawa adzabwera mwana wa wina atavala hijabu ngati ine. Sabata ino ikatha muli chete ndikutenga silipi ya ku banki, masikirinishoti a imelo zonse ziwiri ndi posita yanu kupita nazo ku bungwe loteteza ogula la CFTC, chifukwa kutolera ndalama pa chinthu chomwe mulibe ndi nkhani yawo, ndipo ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE ndikafunsa ngati kosi imeneyi akuidziwa nkomwe. Ku wailesi nakonso ndiimba, manyazi anandithera pa windo paja.

Amene munalipiranso fomu ya kosi imeneyi lembani mmusimu, tisunge masilipi athu tipite limodzi. Ndipo inu a peji musafufute positi iyi, ndaijambula kale. Posita ija ndaionanso m'mawa uno, idakali pamwamba pa peji yanu, nambala ya akaunti ya ku banki ili pomwepo, anthu akufunsabe pansi pake kuti fomu ndi zingati.