Lipoti la Msonkhano wa Ochita Malonda a Foreksi: Kuyeza Ngati Njira Ili ndi Phindu

Apampando ndi mamembala nonse, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma. Zinakambidwa zambiri, koma ndikhazikika pa nkhani imene imatikhudza kwambiri pagulu pathu: chizolowezi chathu choyamikira njira ya malonda poona kuti imapambana kangati basi.

Wophunzitsa anayerekeza njira ziwiri, iliyonse pa malonda 100, ndipo konse munthu akaluza amataya madola 10. Njira yoyamba imapambana ka 70, koma ikapambana imabweretsa madola 4 okha. Zolowa ndi 280, zotuluka ndi 300. Mwini wake amasangalala pafupifupi tsiku lililonse, chikhalirecho thumba likuphwa. Yachiwiri imapambana ka 40 kokha, koma ikapambana imabweretsa madola 20. Zolowa ndi 800, zotuluka ndi 600, ndipo atsala ndi 200, kutanthauza madola 2 pa malonda alionse. Madola 2 amenewa ndiwo phindu loyembekezeka, ndipo ndi amene amasonyeza ngati njira ili ndi mphamvu pamsika. Masamu ake ndi awa:

```
E = (W × R) − (1 − W)
```

E ndi phindu loyembekezeka lija, W ndi gawo la malonda opambana, R ndi kukula kwa phindu poyerekeza ndi chimene timataya tikaluza. Kwa njira yachiwiri ija W ndi 0.4, R ndi 2, ndipo E ndi 0.2, kutanthauza 0.2 ya madola 10 amene timataya tikaluza, omwe ndi madola 2 aja. Ngati R ndi 2, muyenera kupambana koposa kamodzi pa katatu kuti musabwerere m'mbuyo; ngati R ndi 1, koposa theka.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti R woyenera kuwerengera ndi wa malonda amene tatseka kale, osati amene tinalemba pa Take Profit. Ambirife phindu likangooneka timachita mantha n'kutseka msanga. Munthu akamatseka pa madola 12 m'malo mwa 20, zolowa zimakhala 480 pomwe zotuluka zikadali 600, ndipo njira yabwino ija yasanduka yoluzitsa. Kusuntha Stop Loss kuti malonda asatsekeke kumawononganso chimodzimodzi. Palinso sipuredi ndi komishoni: zikadya dola imodzi pa malonda alionse, theka la madola 2 aja lapita.

Anatichenjezanso kuti malonda 20 ndi ochepa kwambiri poweruza njira. Amene amapambana ka 40 pa 100 asadabwe kuluza ka 7 motsatizana, ndipo zimenezo pazokha sizisonyeza kuti njira yafa.

Pempho langa ndi lakuti pamsonkhano wathu wotsatira aliyense adzabwere ndi mbiri ya malonda ake onse, oluza omwe, kuti tidzawerengere limodzi W, R ndi E tisanaikenso ndalama za gulu pa njira ya wina aliyense.