Mtolankhani wanu watikonzera mjigo ndi cholembera

Akonzi,

Nkhani ya mjigo wa kwathu kuno ku Chinamwali yomwe munatulutsa Lachisanu lapitali yandikwiyitsa. Pa msonkhano wa Lachiwiri ndinalipo, ndipo wapampando wa komiti ananena momveka kuti: "Mjigo wathu sukutulutsa madzi, amisiri abwera mawa." Mtolankhani wanu analemba kuti wapampandoyo anati mjigo wathu sunkatulutsa madzi ndipo amisiri abwera mawa. Zikomo kwambiri, bambo mtolankhani, potikonzera mjigo popanda sipanala!

Akuti sunkatulutsa. Aliyense woyamwira Chichewa akamva -nka- ameneyu amadziwa kuti zinali kale, pano zinatha. N'chifukwa chake amayi ena a kutsidya anabwera ndi zigubu Lachisanu madzulo, n'kupeza chogwirira chikungolendewera, unyolo uli pambali. Gwero la vutoli ndikulidziwa. M'Chingerezi anatiphunzitsa kuti ukamanena zimene wina anayankhula kale, mneni umamubweza m'mbuyo. Limenelo ndi lamulo la Chingerezi, ndipo ngakhale eni akewo salitsata nthawi zonse ngati zonenedwazo zikadali choncho. Ife timasiya mneni pamene mwini mawu anamusiya. Mwana akati "ndikudwala", umakauza aphunzitsi kuti anati akudwala, ngakhale ananena dzana. Ukati anati ankadwala, wamuchiritsa, ndipo aphunzitsi afunsa chifukwa chake sanabwere kusukulu.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu, atasintha chosafunika kusintha, anasiya chofunika kusintha. Mawa la wapampando linali Lachitatu, poti ankayankhula Lachiwiri. Wowerenga Lachisanu akaona mawa amaganiza Loweruka, ndipo alipo amene sanapite kumsika Loweruka kudikira amisiri oti anabwera kale Lachitatu, n'kubwerera chifukwa chitsulo china chinasowa. Mawu a nthawi amatsamira pa tsiku limene anayankhulidwa. Mtolankhani akanakhala kuti akuuza mnzake Lachiwiri lomwelo madzulo, mawa likanakhala bwinobwino. Tsiku likangodutsa, mawa limasanduka mawa lake kapena tsiku lotsatira, dzulo limakhala dzulo lake, lero n'kukhala tsikulo. Mu nyuzi, poti sudziwa kuti munthu awerenga liti, kuli bwino kungotchula tsikulo ndi dzina.

Nanga wathu uja? Mjigo unakhala wa mtolankhani liti, iye sanasonkheko ngakhale tambala? Akatsegula zizindikiro za mawu a mwini, wathu ndi wa wapampando ndi anthu ake. Akazichotsa, woyankhula ndi mlembi, choncho mlowam'malo atembenuke. Chiganizo chonse chinayenera kukhala chonchi: wapampandoyo anati mjigo wawo sukutulutsa madzi ndipo amisiri abwera Lachitatu. Palibe akananyamula chigubu.

M'munsi mwake munalembanso kuti mayi wina anafunsa kuti kodi khonsolo itithandiza liti? Apa mwaphika nsima ndi phala mumphika umodzi. Ngati ndi mawu a mayiyo, ikani m'zizindikiro zake. Ngati mukumunenera, kodi achoke, chizindikiro cha funso chichoke, -ti- akhale -wa-: anafunsa kuti khonsolo iwathandiza liti. Funso lake lina, loti "Kodi nonse mwasonkha?", poti yankho lake ndi inde kapena ayi, limalowa ndi ngati: anafunsa ngati onse asonkha. Izi mwana wa fomu 2 amazilemba pa bolodi.

Ndipo tikuchitira manyazi amenewa mu Zomba, mmene muli likulu la MANEB yolembetsa mayeso a Chichewa, mmene muli yunivesite ndi akatswiri a ziyankhulo amene ntchito yawo ndi imeneyi. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma mpaka lero tsamba la Chichewa limaoneka ngati lopatsidwa kwa aliyense amene watsala muofesi. Nkhani amayamba ailemba m'Chingerezi, kenako n'kuitembenuza mothamanga dzuwa likulowa, ndipo malamulo a Chingerezi amalowera limodzi. Pa wailesi n'chimodzimodzi. Umva kuti nduna inati mankhwala ankasowa m'zipatala, iwe uli pamzere ndi kabuku kako m'manja, akukuuza kuti ukagule kufamase. Kodi tsamba la Chingerezi mungalole kuti lituluke chonchi? Mtolankhani akanaitanidwa kuofesi tsiku lomwelo.

Pezani munthu mmodzi wodziwa Chichewa aziwerenga nkhanizi zisanatuluke, ndipo atolankhani anu alembe mawu a munthu monga anawanenera kaye, ndi tsiku lake pambali, asanawatembenuze. Komanso konzani nkhani ija, mulembe kuti mjigo ukadali wakufa, mwina akhonsolo awerengako.

Wokhumudwa,
Chinamwali, Zomba