Chilengezo: Kubwera kwa alendo otithandiza ndi chuma

Mamembala nonse,

Alendo awiri ochokera ku bungwe lomwe linatipatsa ndalama zokumbira chitsime ndi kugula mbuzi abwera Lachinayi sabata yamawa. Adzanyamuka ku Blantyre m'mamawa, ndipo amayi apampando ndi alembi adzawalandira pa ofesi yathu mu Zomba muno nthawi ya 9 koloko.

Tidzayamba ndi mabuku a chuma. Asungichuma, chonde sanjani malisiti motsata miyezi. Alendo otere amatola lisiti limodzi n'kufunsa komwe katunduyo ali.

Ikamakwana 10:30 tidzalowera ku Jali. Msewu wolowera kumudzi ndi wafumbi, ndipo ndi mvula ino galimoto yawo yaing'ono ikhoza kutitimira, choncho tabwereka pikiyapu. Malo atsala atatu okha, ena mutsogole pa njinga.

Kumudziko tidzayamba taonekera kwa amfumu. Pa chitsime adzalankhule ndi amayi otunga madzi eni ake, osati ife a komiti. Ndipo mbuzi zomwe zinafa tisazibise. Tidzanene chomwe chinazipha. Wopereka chuma akazindikira yekha kuti tabisa, sadzatikhulupiriranso.

Ophika nsima ya masana auze alembi pofika Lolemba. Alendo adzabwerera 3 koloko kuti asayende usiku.

Zikomo,
Alembi