Mwana wanga, yamba ndiwe kuwapatsa moni aNabanda

Wokondedwa mwana wanga,

Ife kuno kumudzi tili bwino, kaya inu ku Kawaleko pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi adzukulu angawo.

Mng'ono wako wandifotokozera zonse za iwe ndi aNabanda a khomo loyang'anizana nalo. Akuti ana anamenyana pampopi, iwo anakwapula mwana wako osakuuza, iwe n'kuwayankha pagulu kuti ana awo ndi osaleredwa, ndipo chichokereni tsiku limenelo mumangodutsana ngati simudziwana. Mlanduwo sindiweruza, sindinaliko. Chimene ndikukupempha n'chakuti mawa m'mawa uwapatse moni.

Ndikudziwa chimene chikukugwira pakhosi. Ukuganiza kuti ukayamba ndiwe, pabwalo ponse adzati wavomera kulakwa. Ayi. Moni si kupepesa, ndiponso sathetsa mlandu. Zakuti anamenya mwana wa mwini zidzakhalapobe, zakuti iwe unatukwana maleredwe awo zidzakhalaponso, ndipo zimenezo zili ndi tsiku lake. Moni amangonena kuti ndikukuonani, ndinu munthu, tikhoza kulankhulana. Ngakhale kubwalo la a nyakwawa, anthu amayamba alonjerana asanayambe kufotokoza nkhani. Komanso iwo ndi akulu kwa iwe, ndipo kwathu wamng'ono ndiye amayamba. Ukawalonjera palibe adzadabwe, koma ukapitiriza kuwadutsa anthu adzaiwala za ana zija n'kumangokamba za mwano wako.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, pamene onse mukusesa pakhomo kapena mukutunga madzi. Usawapatse moni ali pakati pa anzawo ambiri, chifukwa munthu akaona kuti maso ali pa iye amauma khosi, ndipo akhoza kukunyoza pofuna kusangalatsa gulu. Usapitenso kukaodira pakhomo pawo tsiku loyamba. Ukati “Odi!” amayenera kukupatsa mpando, ndipo mukakhala pansi nkhani ya ana ija ituluka mitima isanazizire. Pabwalo m'pabwino poti aliyense ali ndi tsache m'manja, akhoza kuyankha n'kupitiriza ntchito yake osachita manyazi.

Usalonjere uku ukuyenda, nkhope ili kwina. Ima, tula chidebe ngati wasenza, pinda mawondo pang'ono monga ndinakuphunzitsira, unene momveka kuti, “Mwadzuka bwanji aNabanda?” Uwatchule mmene unkawatchulira musanayambane. Ngati unkawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, kuti amake uje, bwerera ku dzina lomwelo. Ukangoti “mayi” kapena “aneba” mouma, pomwe kale sunkatero, adzamva kuti wawaika patali. Akakuyankha kuti, “Tadzuka bwino, kaya inu?” iwe uziti, “Tadzuka bwino, zikomo.” Basi, tola tsache lako.

Apa m'pamene ambiri amaonongera. Akayankhidwa bwino amafuna kumalizira zonse nthawi yomweyo, n'kuyamba kuti, “Komatu zija munachita zija…” Ena amaika minga m'moni mwenimwenimo: “Mwadzuka bwanji, kapena lero simuyankhanso?” Umenewo si moni, ndi ndewu yatsopano. Usakwezenso mawu kuti a nyumba zina amve kuti iwe ndiwe wabwino. Ndipo tsiku loyamba usafunse za ana, ngakhale kuti mwamwambo timafunsa kuti “Nanga ana adzuka bwanji?” Pa nkhani yanuyi ana ndiwo chilonda, funso limenelo lidikire kaye.

Tsopano mvetsera mayankhidwe awo. Akabweza funso, kunena kuti “kaya inu”, dziwa kuti nawonso anatopa ndi kusalankhulana, ankangosowa poyambira. Akangoti “Tadzuka” kapena “Bwino” osakufunsa iwe, mkwiyo ukadalipo, komabe ayankha, ndipo kuyankhako usakupeputse. Akangokhala chete n'kulowa m'nyumba, zidzakupweteka. Usatsonye, usaseke, usakauze amayi a pampopi kuti “Mwaonatu, ine ndayesa.” Mawu amenewo amawafika dzuwa lisanalowe, ndipo adzati moni wako unali msampha. Mawa lake uwalonjerenso chimodzimodzi, madzulo mukakumana uziti, “Mwaswera bwanji?” Munthu amene wapsa mtima amayamba wakuyesa kuti aone ngati ukunenadi zoona. Moni wa tsiku limodzi wosabwerezedwa amaoneka ngati unkafuna kubwereka kanthu.

Pa chifukwa chomwecho, masiku oyambawa usapemphe mchere, moto kapena sefa, ndiponso usawatumizire chakudya. Anthu akadana, mbale ya ndiwo yochokera kwa mdani imakayikitsa. Mwana wawo atangotsegula m'mimba usiku umenewo, dzina lako lidzamveka moipa. Ndaona kuno kusalankhulana kwa anthu oyandikana kukufika ponenerana za ufiti mwana akadwala, mpaka mabanja kusamuka. N'chifukwa chake sindikufuna kuti chete ameneyu akhalitse. Zopatsana zidzabwera zokha mukadzayamba kuima n'kumacheza za mtengo wa makala.

Ana ako uwauze lero lomwe kuti aziwapatsa moni aNabanda ndi amuna awo mwaulemu, ndipo ngati unawaletsa kusewera ndi anzawo aja, chotsa lamulo limenelo. Ine ndikukhulupirira kuti anawo anagwirizana kalekale, otsalira ndinu akuluakulu. Bambo a kunyumba nawonso asaleke kulonjerana ndi mwamuna mnzawo chifukwa cha iwe. Nthawi zambiri amuna akamalankhulana, nkhani ya pakhomo siikula.

Mukadzafika poyankhana bwinobwino, mwina pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, m'pamene upite kukaodira. Sankha masana pamene ana ali kusukulu. Yamba ndi mbali yako: “Ndabwera kudzapepesa pa mawu amene ndinalankhula okhudza ana anu.” Usaonjezere “koma” pamenepo. Asiye alankhule mpaka amalize. Kenaka unene zako modekha, kuti mwana wako akadzalakwanso akuuze iweyo, asamumenye okha. Ukaona kuti awiri simungathe, itanani mayi mmodzi wachikulire amene nonse mumamulemekeza, kaya wa kumpingo kaya mwini nyumba, osati mnzako wapamtima amene adzaoneke kuti ali mbali yako. Za kwa amfumu zisiye, nkhani ikafika kumeneko imakhala ya wopambana ndi wogonja, pomwe inu mudzatungabe pampopi umodzi.

Pali malire ake. Ngati moni wako akuubweza ndi zitukwano tsiku ndi tsiku, usaumirire, leka kaye udutsire kwa munthu wamkulu uja. Ngati angadzaopseze kapena kuvulaza mwana, imeneyo si nkhani ya moni ayi, ipite kwa amfumu a m'deralo kapena kupolisi. Koma monga ndamvera, aNabanda si munthu wotero. Si iwo aja anakuperekeza kuchipatala usiku uja unayamba kudwala matenda a mwana wachiwiriyu, ine ndili kuno? Ndipo zitati kwawo kwagwa zovuta musanagwirizane, matenda kapena maliro, usadikire moni. Vala chitenje, pita ukakhale nawo, ukagwire ntchito kukhitchini ngati wina aliyense.

Mng'ono wako akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi ndi thumba la ufa ndi mtedza pang'ono. Undiimbire Lamlungu undiuze mmene anakuyankhira, mawu ake enieni, kuti tione pamodzi chochita. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana.

Ndine mayi ako.